Madzi a moyo: zimene banja lingacite m'maola oyamba munthu akayamba kutsegula m'mimba

LUSAKA. Mliri wa kolera umene unabuka mu mzinda wa Lusaka mu Okutobala caka ca 2023 unagwira anthu opitirira 20,000 m'dziko lonse la Zambia, ndipo opitirira 700 anataya miyoyo yao. Bwalo la masewera la National Heroes linasandutsidwa cipatala, monga momwe zinakhalira mu Januwale 2018, ndipo masukulu sanatsegulidwe kufikira pa 12 Febuluwale 2024. Gawo lalikulu la amene anamwalira linafera kunyumba kapena pa njira, lisanafike m'manja mwa anamwino.

Cimene cimapha munthu wa kolera, kapena mwana amene akutsegula m'mimba cifukwa ca tizilombo tina, ndi kutha kwa madzi ndi mcere m'thupi. Munthu wamkulu wodwala kolera yoopsa angataye madzi okwana lita imodzi pa ola limodzi. Wokhala ku Kaunda Square ali ndi mwai wakuti kiliniki ili m'dera lake lomwelo, ya Chelstone ili pafupi, ndipo cipatala cacikulu ca Levy Mwanawasa ciri ku Chainama, m'mbali mwa mseu wa Great East. Koma matendawa sasankha nthawi. Akayamba pakati pa usiku, maminibasi ataleka kuyenda, maola a pakati pa cimbudzi coyamba ndi khomo la kiliniki amakhala m'manja mwa a pabanja. Nkhani ino ikufotokoza za maola amenewo.

Mmene mungadziwire kuti madzi akutha m'thupi

Anamwino a m'makiliniki amayang'ana zinthu zinai, ndipo palibe ngakhale cimodzi cofuna cipangizo. Kholo lirilonse lingaziphunzire.

Coyamba ndi mmene mwana akuonekera. Mwana amene madzi ayamba kucepa m'thupi mwake amakhala wovuta, amalira kosatonthozeka, sakhazikika ngakhale pa msana pa amai ake. Kulira kumeneko kumatopetsa, koma kumasonyeza kuti mphamvu akali nazo. Coopsa ndi pamene mwana uja amene analira madzulo onse angoti zii, thupi lefu, maso osatsata munthu, ndipo mukamdzutsa abwereranso kugona. Makolo ambiri amapumira m'mwamba poganiza kuti mwana wapeza bwino ndipo wagona tulo, pamene iye walowa m'gawo loopsa la matendawa.

Caciwiri ndi maso. Madzi akacepa, maso amalowa m'kati. Pali ana ena amene anabadwa ndi maso olowa, ndiye cifukwa cake namwino amafunsa mai wa mwana ngati maso amakhala otero masiku onse. Pa mfundo iyi mai amadziwa kuposa dokotala.

Cacitatu ndi mmene mwana akumwera. Mpatseni madzi pa kapu kapena pa supuni, muone cimene acite. Akamwa monga masiku onse, kapena kukana cifukwa alibe ludzu, zinthu zikali bwino. Akalanda kapu ndi manja onse awiri, kumwa mwaphuma ndi kulira mukaicotsa, madzi acepa m'thupi. Akalephera kumeza, kapena kuyamwa mofooka madzi akutuluka m'mbali mwa kamwa, mkhalidwe wafika poipa kwambiri.

Cacinai ndi khungu, ndipo ici cimafuna kucicita molondola. Gonekani mwana cagada. Pa mimba, pakati pa mcombo ndi m'mbali mwa thupi, tsinani khungu ndi cala cacikulu ndi cala ca mkombaphala, mogwira khungu lonse pamodzi ndi mafuta a pansi pake, osati ndi zikhadabo. Mzere wa khungu lotsinidwalo uloze kumutu ndi kumiyendo. Gwirani kwa sekondi imodzi, ndipo lekani. Khungu la mwana wa madzi okwanira limabwerera nthawi yomweyo. Likaima pang'ono lisanabwerere, madzi acepa. Likakhala ciimire kupitirira masekondi awiri, madzi atha kwambiri.

Lamulo limene azaumoyo amatsata ndi lakuti zizindikiro zikhale ziwiri. Mwana wovuta, wa maso olowa, wa ludzu lalikulu, kapena wa khungu lobwerera mocedwa, akakhala ndi ziwiri mwa izi, ndiye kuti madzi acepa ndithu ndipo afunika kuonedwa ku kiliniki, akumwa madzi a moyo pa njira. Mwana wofooka kapena wokomoka, wa maso olowa, wolephera kumwa, kapena wa khungu loima kupitirira masekondi awiri, akakhala ndi ziwiri mwa izi, afunika diripi mwamsanga. Apo sipakhalanso kuyembekeza kuti kuce.

Kutsina khungu kuli ndi malire ake. Khungu la agogo okalamba limabwerera mocedwa ngakhale ali bwino, momwemonso la mwana woonda kwambiri cifukwa ca kusowa cakudya. La mwana wonenepa kwambiri kapena wotupa thupi lingabwerere msanga ngakhale madzi atatha. Pa anthu otere yang'anani mkodzo. Tewera louma kwa maola asanu ndi limodzi, kapena mkodzo wocepa wacikasu kwambiri, ndi umboni wakuti impso zikusunga madzi otsala. Kamwa louma ndi kulira kopanda misozi zimanenanso cimodzimodzi. Munthu wamkulu amamva cizungulire akaimirira, mau amasasa, minofu ya m'miyendo imakokana, ndipo khungu la ku zala limacita makwinya ngati la munthu amene wakhala akucapa tsiku lonse.

Pali nkhani ya liwombo imene iyenera kunenedwa mosabisa. Liwombo la khanda likalowa m'kati, m'mabanja ambiri amati ndi nthenda yakeyake, ndipo amafuna mankhwala omata pamutu kapena okhula m'kamwa. Liwombo limalowa cifukwa madzi acepa m'thupi lonse. Comata pamutu sicingalowe m'magazi. Mwana akamwa mokwanira, liwombo limadzaza lokha, ndipo nthawi imene yapita pofunafuna comata ndi nthawi imene mwana akadakhala akumwa.

Cifukwa cake shuga ndi mcere ziyendera pamodzi

Munthu wotsegula m'mimba sataya madzi okha. Amatayanso mcere wa m'thupi, makamaka sodiyamu ndi potaziyamu. Akamwa madzi wamba okha, matumbo odwala amayamwa ocepa, ndipo mcere wotayika subwerera. Koma m'zipupa za matumbo ang'ono muli khomo limene limatsegukira sodiyamu pokhapo atabwera pamodzi ndi shuga wa gulukosi. Ziwirizi zikalowa, madzi amatsatira. Khomo limeneli limagwirabe nchito ngakhale pamene poizoni wa kolera akucititsa matumbo kukhuthula madzi. Mcere wokha sulowa bwino, shuga yekha sabweza mcere, koma pamodzi, pa muyeso woyenera, zimakokera madzi m'magazi.

Umboni waukulu unaoneka mu 1971, pa nkhondo ya ufulu wa dziko la Bangladesh. Kolera inabuka m'misasa ya othawa nkhondo ku Bangaon, m'dziko la India, ndipo madiripi anatha. Dokotala Dilip Mahalanabis ndi anzake anasakaniza mcere, soda ndi gulukosi m'migolo ya madzi, nauza acibale a odwala kuti aziwamwetsa ndi makapu. Imfa zinatsika kucoka pa anthu pafupifupi 30 mwa 100 alionse kufika pa ocepera anai. Amene anamwetsa odwalawo sanali anamwino. Anali amai, amuna ndi alongo a odwala omwewo.

Kapaketi coyamba, za m'khichini pambuyo

Madzi a moyo abwino koposa ndi a m'kapaketi ka ORS, kamene kamapezeka ku kiliniki ndi m'masitolo a mankhwala. Kapaketi ka lita imodzi kali ndi magalamu 2.6 a mcere, 13.5 a gulukosi, 1.5 a potaziyamu ndi 2.9 a sitireti, muyeso umene mabungwe a WHO ndi UNICEF anakhazikitsa kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000 atacepetsako mcere ndi shuga wa m'mapaketi akale. Potaziyamu ndi sitireti mulibe m'madzi opangira kunyumba. N'cifukwa cake nyumba iriyonse yokhala ndi mwana wamng'ono iyenera kusunga timapaketi tiwiri kapena titatu pamalo ouma, mvula isanayambe.

Cinthu cimodzi ciyenera kuwerengedwa pa kapaketi musanang'ambe: kuculuka kwa madzi. Mapaketi onse si ofanana. Ena ndi a lita imodzi, koma a mu Kit Yamoyo, imene bungwe la ColaLife linayamba kuyesa m'maboma a Katete ndi Kalomo mu 2012 ndipo inapangidwa ndi kampani ya Pharmanova mu Lusaka, anakonzedwa kuti azisungunulidwa m'madzi okwana mamililita 200 okha, ndipo cotengera cake cimagwiranso nchito yopimira madziwo. Mukathira kapaketi ka mamililita 200 mu lita yathunthu, madziwo amakhala osuluka ndipo mphamvu yake imacepa. Mukathira ka lita imodzi m'kapu imodzi ya mamililita 250, mcere umaculuka kanai kuposa muyeso, ndipo mwana wamng'ono angavulale nawo. Musagawenso ufa wa kapaketi ndi maso kuti wina musunge. Thirani wonse m'madzi amene alembedwa.

Ngati kapaketi palibe, ndipo kantemba ka pafupi katsekedwa, pangani a m'khichini. Muyeso wake ndi uwu: lita imodzi ya madzi aukhondo, masupuni aang'ono asanu ndi limodzi a shuga, ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere. Muyesowu ndi wosavuta kuloweza, koma pa mau alionse pali pamene anthu amalakwitsa.

Tiyambe ndi lita. Njira yosavuta m'makomboni a Lusaka ndi botolo la madzi akumwa la mamililita 500: awiri otere ndi lita imodzi. Werengani cimene calembedwa pa botolo, cifukwa botolo limene ambiri amaliyesa lita, monga la mafuta ophikira laling'ono, kawirikawiri limakhala la mamililita 750. Litsukeni bwino ndi sopo. Sambani m'manja musanagwire ciriconse, makamaka ngati ndinu amene mwangosintha mwana tewera.

Madzi akhale owiritsa kapena othira mankhwala. Pa mbaula, adikireni agaduke kwa mphindi imodzi yathunthu, muwaphule, muwavundikire kuti azizire. Ngati muli ndi Clorin, tsatani muyeso wolembedwa pa botolo ndipo dikirani mphindi 30. Madzi a pampopi nawonso athiridwe mankhwala kapena awiritsidwe m'nyengo ya mliri, cifukwa cigubu cimene amasungiramo ndi kapu yotungira zimaipitsa madzi amene anafika ali bwino. Koma ngati wodwala akutaya madzi kwambiri ndipo makala palibe, gwiritsani nchito madzi oyera koposa amene muli nao ndipo yambani kumwetsa. Kucedwa ndi koopsa kuposa madzi osawiritsa. Mukasakaniza kale, musawiritsenso.

Tsopano supuni. Ikhale yaing'ono ya tiyi, imene imatenga mamililita asanu, osati yaikulu yodyera phala imene imatenga katatu kuposa pamenepo. Ikhalenso yosasefukira: tapani shuga, ndipo pitirizani msana wa mpeni pamwamba pake kuti mulu ugwe. Mcere citani cimodzimodzi, kenaka cotsani theka. Ngati mcere wanu ndi wamiyala, uyambe waphwanyidwa ukhale wosalala, apo ai muyeso sulondola. Takasani kufikira pansi pasatsale kanthu.

Musanampatse mwana, lawani. Madzi a moyo asawawe mcere kuposa misozi. Akawawa ngati msuzi, atayeni ndi kuyambanso, shuga wotayika asakumvetseni cisoni.

Kulakwitsa kwa mcere ndi kumene kumaopsa koposa. Pali muyeso wakale, wa masupuni asanu ndi atatu a shuga ndi supuni imodzi yathunthu ya mcere, umene acikulire ena akali kuukumbukira. Tiyerekeze kuti munthu watenga supuni yathunthuyo nathira m'botolo la mamililita 750 poganiza kuti ndi lita. Mcere waculuka kale kawiri ndi theka ndi kupitirira, ndipo supuniyo ikakhala yosefukira, zaipiratu. Mcere woculuka m'magazi umakoka madzi kucoka m'bongo, mwana amamva ludzu losatha, ndipo angayambe kugwidwa ndi khunyu. Shuga woculuka nayenso ali ndi vuto lake: wotsala m'matumbo amakoka madzi kucoka m'thupi, ndipo kutsegula m'mimba kumakula. Apa ndi pamene zakumwa zotsekemera za m'mabotolo zimalepherera. Lita imodzi ya zakumwa zotero ili ndi masupuni a shuga opitirira 20, mcere pafupifupi mulibe. Zotsekemera zosungunula ndi zakumwa zopatsa mphamvu zili m'gulu lomwelo. Kubwera nazo kwa wodwala ndi ulemu wozolowereka, koma kwa wotsegula m'mimba zisungidwe kufikira atacira.

Usiku umodzi ku Stage One

Tiyerekeze mwana wa caka cimodzi ndi miyezi iwiri wa ku Kaunda Square Stage One. Khadi lake la kusikelo lionetsa kuti mwezi watha analemera makilogalamu 10. Nthawi ya 16 koloko wacita cimbudzi camadzi, ndipo pofika 18 koloko wacita katatu. Akusewera, akuyamwa, maso ali bwino, khungu likubwerera msanga. Madzi sanacepe, ndipo nchito ya amai ake ndi kuonetsetsa kuti asacepe.

Pa msinkhu uwu, wosakwana zaka ziwiri, mwana apatsidwe madzi a moyo okwana mamililita 50 mpaka 100 nthawi iriyonse akacita cimbudzi camadzi. Pa kapu ya mamililita 200, ndi kota mpaka theka la kapu. Mwana wa zaka ziwiri mpaka khumi amwe theka mpaka kapu yathunthu, ndipo wamkulu amwe mmene angafunire. Bere lipitirire, kawirikawiri kuposa masiku onse. Phala lipitirirenso. Ganizo lakuti m'mimba mupumule posiya kudyetsa mwana ndi lolakwika: matumbo amacira msanga akamalandira cakudya, ndipo mwana wosalidwa cakudya amatuluka m'matendawa ali woonda. Nthoci yakupsa yophwanya ndi yabwino kwambiri pamene madzi a moyo ndi opangira kunyumba, popeza imabweza potaziyamu amene mulibe m'madziwo.

Nthawi ya 22 koloko zinthu zasintha. Wacita cimbudzi kasanu ndi kawiri ndipo wasanza kamodzi. Akulira kosalekeza, maso alowa, ndipo akaona kapu akuilanda. Zizindikiro ndi zitatu. Mwana wa makilogalamu 10 akafika pamenepa amakhala atataya madzi a pakati pa theka la lita ndi lita imodzi. Banja liyambe kukonza za ulendo wa ku kiliniki, ndipo kumwetsa kuyambe pomwepo, osayembekeza galimoto.

Muyeso umene anamwino amagwiritsa nchito pa gawo iri ndi mamililita 75 pa kilogalamu iriyonse, omwedwa m'maola anai. Kwa mwana wathu, 75 kuculukitsa ndi 10 ndi mamililita 750, ndiko kuti botolo limodzi ndi theka la mamililita 500. Pa ola limodzi ndi pafupifupi mamililita 190, kapu imodzi yosadzaza. Pa supuni ya tiyi, ndi supuni imodzi pa mphindi imodzi ndi theka iriyonse, kwa maola anai osalekeza. Ndi nchito yotopetsa, yofuna anthu awiri olandizana, ndipo ndi pamene abambo a mwana ali ndi gawo lao lenileni. Mwana akafuna oonjezera, mpatseni. Botolo la nsonga yoyamwira lisagwiritsidwe nchito, cifukwa limavuta kutsuka ndipo mwana amamwa mofulumira kwambiri.

Akasanza bwanji? Apa ndi pamene mabanja ambiri amagonja, amvekere mankhwala akukana. Mwana waludzu akapatsidwa kapu yodzaza amagugudiza, m'mimba mumadzaza, ndipo amabweza. Dikirani mphindi khumi, muyambenso pang'onopang'ono, supuni imodzi pa mphindi ziwiri kapena zitatu zirizonse. Ngakhale mwana wosanza, ambiri mwa madzi amene wamwa pang'onopang'ono amatsala m'thupi. Ndipo cimbudzi cikapitirira, sizitanthauza kuti madzi a moyo alephera. Iwo saimitsa kutsegula m'mimba. Amabweza cimene cikutayika kufikira matenda atatha okha, zimene kawirikawiri zimatenga masiku angapo.

Pakapita maola anai, yang'ananinso zinthu zinai zija. Cizindikiro cokondweretsa koposa ndi tewera lonyowa ndi mkodzo. Mwana amene wakodza, maso abwerera, ndipo wagona tulo toti mukamgwedeza amadzuka ndi kulira mwamphamvu, ali pa njira yabwino, ndipo abwerere ku muyeso wa theka la kapu pa cimbudzi ciriconse. Zikope zikatupa, wamwa opitirira muyeso: lekani madzi a moyo, mpatseni bere kapena madzi wamba kufikira kutupa kutatha. Madzi a moyo amene atsala asungidwe ovundikira, ndipo akakwanitsa maola 24 atayidwe, apangidwe ena.

Koma ngati pa 23 koloko mwana uja waleka kulira, wafooka, supuni ikafika pakamwa sakumeza, ndipo khungu la pa mimba laima ngati kahema, nthawi ya supuni yatha. Dzutsani mnansi wa galimoto, itanani takisi, pitani ku cipatala cimene cimagwira nchito usiku. Ngati akumezako pang'ono, mmodzi apitirize kumdonthezera pa njira. Ngati wakomoka, musathire kanthu m'kamwa, cifukwa madzi angalowe m'mapapo. Mgonekeni cam'mbali.

Amene sayenera kuyesedwa kunyumba

Pali odwala amene madzi a moyo ndi a pa ulendo cabe. Khanda losakwana miyezi iwiri lotsegula m'mimba lipite ku kiliniki tsiku lomwelo, likuyamwa. Mwana woonda kwambiri kapena wotupa mapazi cifukwa ca kusowa cakudya apitenso msanga, popeza mtima wake sungapirire mcere wa muyeso wamba, ndipo ku cipatala kuli madzi ena okonzedwera ana otere. Cimbudzi ca magazi, thupi lotentha, kusanza ciriconse cimene calowa, kapena kutsegula m'mimba kosasintha patapita masiku atatu, zonsezi zifuna woyeza. Kukapitirira masiku 14, ndi matenda a mtundu wina amene afuna kufufuzidwa.

Kolera ili ndi maonekedwe ake. Cimbudzi cimakhala camadzi otuwa ngati madzi otsukira mpunga, coculuka, kawirikawiri copanda kupweteka kwa m'mimba, ndipo munthu wamphamvu angafooke m'maola ocepa. Munthu wamkulu wa makilogalamu 60 amene madzi acepa afunika malita anai ndi theka m'maola anai oyamba, kuonjezapo amene akupitiriza kutaya. Lita imodzi yopangidwa madzulo n'kuikidwa pambali pa bedi singakwane. Pangani mabotolo angapo, mmodzi akhale wopanga, wina womwetsa, ndipo nyamukani. Manyazi anacedwetsa anthu ambiri pa miliri yapita, poopa kuti anansi adziwa kuti m'nyumbamo mwalowa kolera. Acikulire afunika diso lapadera, cifukwa ambiri samva ludzu ngakhale madzi atacepa, ndipo ena amakana kumwa kuti asavutitse ana powaperekeza ku cimbudzi usiku.

Za mapiritsi, mau ndi ocepa. Cizolowezi cogula fulajilo pa kantemba munthu akangomva m'mimba kubwata sicithandiza pa kutsegula m'mimba kwamadzi kwa ana, kumene kawirikawiri kumabwera ndi mavairasi monga rota. Katemera wa rota anayamba kuperekedwa mu Lusaka mu 2012 ndipo anafalikira m'dziko lonse mu 2013, koma sachinjiriza ku tizilombo tonse. Mapiritsi omanga m'mimba asaperekedwe kwa ana aang'ono konse: amaimitsa matumbo, mimba imatupa, madzi akupitiriza kutayikira m'kati mosaoneka. Mankhwala opha tizilombo ali ndi malo ake pa kamwazi ndi pa kolera yoopsa, ndipo wosankha ndi wazaumoyo.

Piritsi limene liyenera kuyenda ndi madzi a moyo ndi zinki. Mu 2004 mabungwe a WHO ndi UNICEF analangiza kuti mwana aliyense wotsegula m'mimba azipatsidwa zinki tsiku ndi tsiku kwa masiku 10 mpaka 14, pa mlingo wa mamiligalamu 20, kapena 10 kwa wosakwana miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mu 2019 WHO inaika ORS ndi zinki zolongedwa pamodzi pa mndandanda wa mankhwala ofunika koposa. Mlingo wa mwana wanu adzakuuzani ndi namwino. Piritsilo limasungunuka pa supuni m'madzi ocepa kapena mu mkaka wa m'mawere. Limafupikitsa masiku a matenda ndipo limacepetsa mpata wakuti abwerenso m'miyezi iwiri kapena itatu yotsatira, koma pokhapo masiku onse atakwanitsidwa. Ana ena amasanza akangomwa zinki pamimba yopanda kanthu, motero ndi bwino kumpatsa atangodya phala kapena atangoyamwa. Mwana akacira pa tsiku lacitatu, mapiritsi otsalawo si osungira mng'ono wake: apitirize kumwa kufikira tsiku lomaliza, ndipo kwa milungu iwiri alandire cakudya cimodzi coonjezera tsiku lirilonse kuti sikelo ibwerere pamene inali.